Ndikufuna kusiyana ndi supavaiza wanga, kalata yake ndilembe bwanji?

Namaseko_Joni
Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani, mundithandize nzeru. Ndili chaka chachiwiri cha masitazi pa yunivesite ina kuno ku Joni. Kafukufuku wanga ndi wa amayi ochokera kwathu amene amagwira ntchito za m'nyumba, momwe amalandiridwira kukiliniki akakhala oyembekezera. Kafukufukuyu ali mkati mwa pulojekiti yaikulu ya supavaiza wanga, ndipo ndimalandirako R6,000 pamwezi. Ndacheza ndi amayi 18, ndipo mawu a amayi 11 ndawalemba kale papepala.

Vuto ndi lakuti chaputala chachitatu ndinapereka mu Epulo, lero tili mu Seputembala, ziii. Maimelo anayi, yankho limodzi lokha, loti ali paulendo. Koma akafuna munthu wokonza malipoti a pulojekiti ndiye amandipeza tsiku lomwelo. Ndatopa. Usiku wathawu ndalemba kalata yamasamba awiri, ndafotokoza zonse kuyambira tsiku loyamba. Sindinatumize. Alipo amene anasiyanapo ndi supavaiza mwamtendere?

Gologolo
Tumizani basi. Masamba awiri achepa, wonjezerani lachitatu.

Make_Mapasa
Asisi musamvere Gologolo. Kalata yolemba usiku imawerengedwa m'mawa kaye. Ineyo ndinalembapo yotere kwa bwana wanga ku Sandton, mwamwayi deta inandithera.

Chigumula_Boy
Zosavuta izi. Lamulo la kuno limati ukagwira ntchito kupitirira chaka umapereka notisi ya masabata anayi. Lembani mizere itatu, tsiku lomaliza, saini, kenako mukafunse za ndalama zanu za livi.

Namaseko_Joni
Achimwene, si ntchito iyi. Ndine wophunzira, livi ndiitenga kuti?

Chigumula_Boy
Aaa pepani, ndinangoona R6,000 ndiye ndimati ndi malipiro.

MdalaWaLaibulale
Achemwali, musanakhudze kalatayo mundiyankhe funso limodzi, chifukwa m'nkhani yanu muli zinthu zitatu zimene mwazimanga mtolo umodzi. Kodi mukufuna kuchoka mu pulojekiti koma supavaiza akhale yemweyo? Kapena mukufuna supavaiza wina koma mutu wa kafukufuku ukhale womwewo? Kapena mukusiya sukulu yonse? Makalata ake ndi osiyana, ndipo amapita kwa anthu osiyana.

Ndikufunsa chonchi chifukwa ndinaonapo mnyamata wina pa dipatimenti yathu atalemba kuti akuchoka, osanena kuti akuchoka kuchiyani. Iye ankatanthauza pulojekiti. Mlembi wa ku fakote anamva kuti akusiya sukulu, n'kumutumizira fomu yofufutitsa dzina. Kwa mwana wa kuno zimenezo ndi kuseka chabe, koma kwa ife a viza ya sukulu si nthabwala. Viza imeneyo imalembedwa dzina la yunivesite, ndipo yunivesite inalonjeza boma kuti idzanena pasanathe masiku 30 munthu akasiya kukhala wophunzira wake. Kusintha supavaiza m'yunivesite yomweyo sikukhudza viza. Kufufutitsa dzina kumakhudza. Ndiye chiganizo chimodzi chisasowe m'kalata yanu, choti mukupitiriza maphunziro anu pa yunivesiteyo.

Namaseko_Joni
Zikomo madala. Sukulu sindikusiya, ndavutikira kale. Ndikufuna supavaiza wina, mutu womwewo. Za pulojekiti sindinaganize bwino, ndimangoona ngati zonse ndi chimodzi.

MdalaWaLaibulale
Ndiye pamenepo ndi pomwe pali ntchito. Supavaiza winayo mwamupeza?

Namaseko_Joni
Ayi. Ndimati ndiyambe ndamasuka kaye.

MdalaWaLaibulale
Ayi achemwali, kumeneko n'kugwetsa nyumba dzinja lili pakhomo. Kalata imabwera pomaliza. Supavaiza simumuchotsa inu ndi kalata, ndipo simumulemba inu. Amene amavomereza ndi komiti ya maphunziro apamwamba ya fakote, pa pempho la dipatimenti, ndipo kawirikawiri pamakhala fomu yofuna saini ya supavaiza wakale, watsopano, ndi mkulu wa dipatimenti. Mukaona bwino, munthu amene mukufuna kumulembera masamba awiri aukaliyo ndi yemwe mudzamupemphe saini.

Yambani ndi mphunzitsi amene amayang'anira ophunzira a masitazi pa dipatimenti yanu. Mupempheni mphindi 20, mupite ndi pepala limodzi la masiku okhaokha: chaputala ndinapereka tsiku lakuti, ndinakumbutsa masiku akutiakuti, yankho linabwera lakuti. Osaikapo mawu oti ndi waulesi kapena sandilabadira. Masikuwo amalankhula okha. Ngati munasainirana kapepala ka mgwirizano ndi supavaiza poyamba paja, kamene kamanena kuti muzikumana kangati komanso kuti ndemanga zizibwera pakatha nthawi yotani, katengeni. Ambiri timangosaina n'kuiwala komwe tinakaika.

Musaope kuti akuonani ngati wovuta. Boma la kuno limapereka ndalama ku mayunivesite potengeranso chiwerengero cha omaliza masitazi ndi udokotala, choncho wophunzira wokhala chaka chonse osasuntha ndi vuto la dipatimenti, si lanu lokha.

Kadziotche
Madala mukunena zoona koma mwafewetsa. Aphunzitsiwa amamwera tiyi limodzi. Ukangopita kwa woyang'anirayo, isanakwane 2 koloko supavaiza wamva kale. Ine ndinachita zimenezo mu chaka changa choyamba, mawa lake munthu sanandiyankhe moni pakhonde.

MdalaWaLaibulale
N'chifukwa chake sipafunika kudutsa masabata. Lero woyang'anira, sabata yomweyo supavaiza mwiniwake, maso ndi maso. Asamve kwa anthu. Kalata ikamafika ikhale yongotsimikiza zomwe mwakambirana kale.

Nthumbwana
Ine vuto langa linali losiyana ndi la Namaseko, mwina lithandiza wina. Sindinakwiye, ndinachita ulemu wopitirira. Mukudziwa momwe tinaleredwera, munthu wamkulu sumuuza kuti ndakukanani. Ndinalemba kalata yoyamba ndi kuthokoza ndime ziwiri, kupepesa ndime imodzi, kenako ndinati mwina nthawi ina zingakhale bwino kuganizirako njira zina zoyendetsera ntchitoyi ngati iwo angaone kuti n'koyenera. Kwathu munthu wamkulu akawerenga zimenezo wamva kale kuti mwana akutsanzika. Pulofesa wanga anayankha mosangalala kuti zikomo chifukwa cha mawu olimbikitsa, tikumane Lachinayi tikambirane chaputala chotsatira.

Ndinakhala naye miyezi ina itatu chifukwa chosowa poyambira kunenanso. Ndiye asisi, ulemu ukhalepo, koma nkhani ikhale m'ndime yoyamba, m'chiganizo choti ngakhale munthu wowerenga pafoni ali pamzere wokwera ndege amve.

Gologolo
Kkkkk ulemu wa Chimalawi unakuwonjezerani teremu.

Make_Mapasa
Koma Nthumbwana ndinu amene munkati mukupita kumudzi mwezi uno? Ngati mukukwera basi pa Park Station mundiuze, ndili ndi kachikwama ka mankhwala a amayi, akakalandira ku Wenela.

Nthumbwana
Ndasintha, ndipita mu Disembala. Pobwera ndidzakutengerani usipa ngati sakandilanda pa Beitbridge.

Chigumula_Boy
Wa ine ndi kilombero, makilo asanu okha.

Namaseko_Joni
Abale, usipa wabwino, koma ine ndikadali ndi masamba awiri pano. Madala, tinene kuti ndayenda monse mwanenamo. M'kalatamo mukhale chiyani?

MdalaWaLaibulale
Ndikulemberani m'Chichewa, mukaitembenuza nokha m'Chingerezi cha ku ofesi. Ndikuyerekeza kuti mwakumana nawo kale ndipo mphunzitsi wina wavomera.

Wokondedwa Pulofesa,

Potsatira zomwe tinakambirana Lachiwiri pa 16 Seputembala, ndikulemba kutsimikiza kuti ndapempha dipatimenti kuti indipatse supavaiza wina wa kafukufuku wanga wa masitazi. Dokotala Uje avomera kutenga udindowu ngati komiti ivomereze. Ndikupitiriza maphunziro anga pa yunivesite ino, ndipo cholinga changa n'kupereka ntchito yanga kwa oyesa chaka chamawa chisanafike pakati.

Ndapanga chisankhochi poona nthawi yomwe yanditsalira, yomwe ikufuna kuti ndizikumana ndi supavaiza pafupipafupi kuposa momwe ntchito zanu zikulolerani panopa.

Ntchito ya pulojekiti yomwe ili m'manja mwanga ndidzaimaliza ndi kuipereka pofika pa 31 Okutobala. Pa tsikulo ndidzapereka mawu ojambulidwa a anthu 18, zolembedwa 11, mafomu a chilolezo osainidwa, ndi chojambulira mawu cha pulojekiti. Ndikupempha kuti tisanafike tsikulo tigwirizane molemba ngati ndingapitirize kugwiritsa ntchito zokambiranazi mu kafukufuku wanga, komanso momwe maina adzalembedwere pa pepala la kafukufuku lokasindikiza lomwe tinayamba kulemba limodzi.

Ndikuthokoza chifukwa munandilandira mu pulojekitiyi, ndiponso chifukwa cha thandizo lanu pokonza pulopozo yanga ndi kupeza chilolezo cha kafukufuku.

Ndatha ine,
dzina ndi nambala yanu ya sukulu.

Basi. Tsamba limodzi silikwana n'komwe. Onani kuti pothokoza ndatchula zinthu zenizeni zimene anachita. Musalembe kuti munali ngati kholo langa pomwe nonse mukudziwa kuti miyezi isanu simunaonane, zimamveka ngati chipongwe. Ndipo mawu oti pepani mulibemo, chifukwa simunalakwe.

Kadziotche
Apa ndiye sindikugwirizana nanu madala. Ndime yachiwiriyo mwamuchapa munthu. Miyezi isanu osawerenga chaputala, inu mukuti ntchito zanu sizikukulolani? Mawa atenga mwana wina wa kwathu, amuchita zomwezo, chifukwa mu faelo mulibe chilichonse. Timangokhalira kumeza, n'chifukwa chake amatizolowera.

MdalaWaLaibulale
Sindikuti ameze. Pepala la masiku lija lapita kale kwa woyang'anira, ndipo ngati akufuna kudandaula mwalamulo njira yake ilipo, ndi kalata ina yopita kwina. Koma kalata iyi ntchito yake ndi kupeza saini ndi deta. Mukaphatikiza dandaulo, munthu amayamba kudziteteza, amayankha masamba anayi, nkhani imasanduka mlandu, komiti imadikira mlanduwo uthe. Amene viza yake ikutha ndi ndani pamenepo? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Anthu ofufuza za umoyo wa obwera kuno ndi ochepa, adzakumana m'misonkhano moyo wake wonse.

Kadziotche
Mwambi umenewo ndi umene umatisunga paukapolo. Ine ndikanaikamo chiganizo chimodzi chokha, choti chaputala chomwe ndinapereka pa 14 Epulo sichinabwerebe. Si chipongwe, ndi tsiku.

Nthumbwana
Chiganizo chimodzi chotero ine sindikuchiona vuto, bola chisakhale ndi mchira. Chikangoyamba kuti ngakhale ndinakukumbutsani kanayi, ndiye chayamba kununkha.

DokotalaWaMawa
Ndalowa mochedwa. Kalata ya madala ili bwino, koma ndime yachitatu ija ndi imene ingamugwetse Namaseko, ndipo mwaidutsa mwachangu. Asisi, yang'anani zinthu ziwiri usiku uno. Choyamba, kalata ya chilolezo cha kafukufuku yochokera ku komiti ya ethikisi, ija yoonetsetsa kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, ili m'dzina la ndani? Ngati chilolezo ndi cha pulojekiti yaikulu, mwini wake ndi pulofesa, inu munangolembedwapo ngati wothandiza. Chachiwiri, fomu imene amayi aja anasaina ikuti mawu awo adzamvedwa ndi ndani? Ngati ikuti ndi gulu la pulojekitiyo basi, supavaiza watsopano sali m'gulumo, ndipo simungangomupatsa mafaelo. Pamafunika kupempha komiti ya ethikisi kuti isinthe chilolezo n'kuikapo dzina lake.

Ndipo musaganize zokopera zonse pa fulashi n'kuchoka mwakachetechete poti munajambula ndinu. Amayi amenewo ena mapepala awo si olongosoka, anakuuzani za mimba zawo ndi za mabwana awo chifukwa munawalonjeza kuti mawuwo asungidwa malo amodzi otetezeka. Kunonso kuli lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu, ndipo nkhani za umoyo limazisamala kwambiri. Mukagwidwa ndi mafaelo popanda chilolezo, wolakwa mukhala inu, za miyezi isanu zija palibe adzazikumbuke.

Ine zinandichitikira mofananako, koma ndi zoyeza za mu labu. Ndinasintha supavaiza bwinobwino, tinagwirana chanza, koma za deta tinangolankhula pakamwa. Patatha miyezi isanu ndi umodzi anati sakukumbuka kuti analola. Ndinayambiranso chigawo chonse. Imelo ya mizere iwiri yoti ndalola ikanandipulumutsa chaka.

Namaseko_Joni
Ndayang'ana. Ndili ndi chilolezo changachanga, nambala yake ndi yosiyana ndi ya pulojekiti, koma dzina la pulofesa lilipo ngati supavaiza. Fomu ya amayi ikuti wofufuza ndi supavaiza wake. Sinatchule dzina pamenepo, dzina lili pamwamba pa pepala lofotokozera.

DokotalaWaMawa
Ndiye muli pabwino kuposa momwe ndimaopera. Mupemphe kusintha dzina la supavaiza pa chilolezocho, ndipo mufunse komitiyo ngati amayiwo ayenera kudziwitsidwa. Koma poti mayendedwe ndi chojambulira analipira ndi a pulojekiti, pulofesa akhoza kunenabe kuti detayo ndi ya pulojekiti. Yunivesite iliyonse ili ndi ndondomeko yake pa za umwini wa deta, ipezeni muiwerenge musanakumane naye. Pempho lolemba lija lisachoke m'kalata.

Gologolo
Nanga R6,000 ija? Nonse mukulankhula za ulemu, lendi ku Turffontein salipira ndi ulemu.

MdalaWaLaibulale
Gologolo lero wanena zanzeru. Ndalama ya pulojekiti imayenda ndi mwini pulojekiti, musayembekezere kuti ikutsatani kwa supavaiza watsopano. Werengani pepala lomwe munasaina polandira basale ya R6,000 ija. Ena amangosiya kulipira mwezi womwe mwachoka, ena amalemba kuti ukapanda kumaliza digiri kapena ukachoka nthawi isanakwane ubweze. Muwerengetsere: kuyambira Novembala mpaka Juni ndi miyezi isanu ndi itatu, kuchulukitsa ndi R6,000 ndi R48,000 imene simudzaiona. Pamwamba pake Januwale akubwera ndi fizi yolembetsanso ndi medikoedi ya chaka, imene wophunzira wakunja salembetsa popanda iyo. Viza ya sukulu imalola ganyu wosapitirira maola 20 pasabata, koma ganyuyo ayambe wapezeka.

N'chifukwa chake ndinafunsa poyamba paja ngati mukuchoka mu pulojekiti kapena mukungosintha supavaiza. Pali njira yapakati. Mupemphe supavaiza wachiwiri woti aziwerenga machaputala, pulofesa akhalebe dzina lake pamwamba. Ndalama ikhala, deta ikhala, chilolezo n'kungowonjezapo dzina. Pulofesa wotanganidwa nthawi zambiri amasangalala nazo chifukwa mwamutula katundu osamuchotsera ulemu. Kalata yakenso ndi yofewa, mumangoti poona kuchuluka kwa ntchito zanu ndikupempha kuti tiwonjezere wina.

Kadziotche
Mapanga awiri avumbwitsa madala. Mnzanga ali ndi masupavaiza awiri, wina akuti chotsa chaputalachi, wina akuti bwezera. Ndipo pomaliza saini ya pulofesa yemweyo idzafunikabe kuti ntchito ipite kwa oyesa. Munthu wosayankha imelo miyezi isanu adzasaina nthawi yake?

MdalaWaLaibulale
Zimenezo zimachitika, sindikana. Zimatengera ngati munthuyo ndi wotanganidwa chabe kapena ndi wouma mtima. Amene akumudziwa ndi Namaseko.

Namaseko_Joni
Kunena zoona si munthu woipa. Tikakumana amandithandiza, nzeru ali nazo. Kungoti kukumanako ndi kwa mwayi ngati mvula ya mu Ogasiti. Koma ndili ndi funso lina. Kalatayo ndikatumiza, ndiikemo mkulu wa dipatimenti kuti aone nawo?

Make_Mapasa
Ine ndingati ayi. Kuika abwana ake pa imelo kuli ngati kukamuneneza kwa amfumu musanalankhule naye.

DokotalaWaMawa
Ine ndingati muikemo woyang'anira ophunzira yekha, poti akudziwa kale, ndipo pulofesa mumuuze pokumana paja kuti mudzatero. Chopweteka si dzina la munthu wina pa imelo, chopweteka ndi kudzidzimutsidwa. Komanso tumizani kuchokera pa imelo ya sukulu, osati pa WhatsApp, ndipo musunge kope kwina. Mukafuna kudzaonetsa kuti munapempha liti, umboni ndi umenewo.

Chinanso, fulumirani. Makomitiwa sakhala sabata iliyonse, ndipo ikangofika Novembala aphunzitsi ali pa kuchonga mayeso, Disembala yunivesite ili gwa. Funsani kwa mlembi wa fakote kuti komiti ikhala liti komaliza chaka chino ndipo mapepala amafuna afike liti. Nthawi yanu ya masitazi siyambiranso chifukwa mwasintha supavaiza, ikungowerengedwabe.

Chigumula_Boy
Ndiye notisi yanga ya masabata anayi ija sinali yolakwika kwenikweni, madala aika 31 Okutobala.

Gologolo
Khalani pansi achimwene, mudikire kilombero.

Namaseko_Joni
Ndabweranso patatha sabata. Masamba awiri aja ndawasunga mu foda, sanapite kulikonse. Woyang'anira ndinakumana naye Lolemba ndi pepala la masiku, anangoti hmm n'kulemba penapake. Wanditchulira mphunzitsi wina wachizimayi amene ali ndi malo a wophunzira mmodzi, ndakumana naye, wavomera kuwerenga chaputala chachitatu koma akuti sakufuna kulowa pokhapokha pulofesa atamva kuchokera kwa ine. Pepala la basale likuti ndikachoka mu pulojekiti ndalama iima mwezi womwewo, za kubweza likungonena ngati nditasiya digiri.

Ndiye ndalemba makalata awiri, ya kusintha ndi ya kuwonjezera wachiwiri, iliyonse theka la tsamba. Chiganizo cha 14 Epulo ndachiika, ndachichotsa, ndachiikanso. Pulofesa wandipatsa Lachinayi 10 koloko, ndipo chodabwitsa, dzulo usiku wanditumizira chaputala chija chili ndi ndemanga mpaka tsamba 9 mwa masamba 31.

Kadziotche
Ndinanena ine kuti amamwera tiyi limodzi.

Nthumbwana
Lachinayilo musakayambe ndi kuthokoza ndemangazo ndime ziwiri, mudzatuluka muli ndi deti ya chaputala chachinayi. Mutenge makalata onse awiri m'chikwama.

DokotalaWaMawa
Ndipo za pepala lomwe munayamba limodzi lija musaiwale kufunsa, dzina loyamba likhala la ndani. Simunatiuze kuti analemba mbali yaikulu ndani.

Namaseko_Joni
Ndinalemba ndine, koma funso la kafukufuku ndi ndalama ndi zawo. Imeneyo ndiye sindikudziwa poigwira.